Mmene ndimalumikizira silinda ya gasi ndi kuiyesa ndi madzi a sopo

Silinda yanga ndi ya makilogalamu 9, ya valavu yokhala ndi kagudumu kotsegulira pamwamba. Ndikakaigulira gasi, ndimaiimika chilili pafupi ndi khomo, zenera lili pululu, mbaula ya makala ndi kandulo zili kutali. Ndimaonanso kuti makiyi onse a chitofu ndi otseka, ndipo kagudumu ka silinda nakonso ndi kotseka, ndisanachotse chidindo chapulasitiki chapakamwa pa valavu.

Ndisanamange leguleta, kachipangizo kokhala pakati pa silinda ndi payipi, ndimayamba ndayang'ana kumphuno kwake, komwe kumalowa m'valavu. Pamenepo pali kamphira kozungulira ngati mphete, ndipo kamphira kameneka ndi kamene kamatseka gasi, osati mazinga. Kakang'aluka, kuphwanthalala kapena kugwa osaoneka, mungamange mpaka manja kuchita matuza koma gasi azitulukabe. N'chifukwa chake tepi yoyera ija ya opanga mipope ya madzi siyithandiza pano. Ena amaikulunga pamazinga n'kumati atseka, chonsecho gasi sadutsira pamenepo poyambirira.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi kamangidwe. Mazinga a valavu ya mtundu umenewu ndi akumanzere: pomanga mumapotokolera mosemphana ndi mmene mivi ya wotchi imayendera, pomasula ndiye kumanja. Ndimalowetsa mphuno mowongoka, n'kuyamba kupotokola pang'onopang'ono ndi zala. Ikalimba msanga isanalowe kwenikweni, ndiye kuti mazinga apingasana, choncho ndimabweza n'kuyambanso. Leguleta yanga ili ndi chogwirira cha manja, motero ndimamanga ndi dzanja basi mpaka italimba, sipanala ayi, chifukwa imangofinya kamphira kaja n'kukawononga. Ntchito ya leguleta ndi kuchepetsa mphamvu ya gasi wochokera m'silinda kuti afike kuchitofu ali pa 2.8 kPa, ndipo nambala imeneyi imalembedwa pachivundikiro chake.

Payipi ndi ya gasi yeniyeni, yofiirira ngati lalanje, ya bowo la mamilimita 8, yosapitirira mamita 2 kutalika. Payipi yothiririra maluwa gasi amaidya, imauma n'kung'aluka. Ndimayamba ndaveka papayipi kilampu, kamkombero kachitsulo kofinyira payipi, kenako ndimaviika nsonga ya payipiyo m'madzi otentha pang'ono kuti ifewe, n'kuikankha mpaka itakwirira timizere tonse ta kakamwa ka leguleta. Kilampu ndimaimanga ndi sikuludiraiva pamwamba pa timizereto, molimba koma osafika podula payipi. Kuchitofu ndimachita chimodzimodzi. Waya ndi malegeni ndaona anthu akumangira, koma ine sindingazikhulupirire pa gasi: waya amacheka, malegeni amamasuka akatenthedwa.

Tsopano kuyesa. M'kapu ya madzi ndimathira sipuni imodzi ya sopo wamadzi wotsukira mbale n'kutakasa. Chitofu chili chotsekabe, ndimatsegula kagudumu ka silinda kuzungulira kamodzi kokha, kuti gasi adzaze payipi. Ndi kasiponji ndimapaka madziwo pakhosi pa valavu pomwe imalowa m'silinda, pansi pa kagudumu, polumikizira leguleta, pamakilampu onse awiri, kenako payipi yonse, ndikuipinda pang'ono kuti ming'alu yobisika itseguke.

Apa m'pofunika maso ndi kudekha. Thovu la sopo lomwe mwapaka limangokhala phee n'kumaphwa. Thovu la gasi limakula mukuliona. Potuluka gasi wambiri pamafufuma thovu lalikulu nthawi yomweyo, mwina ndi kamluzu. Koma pobooka pang'ono pamatenga nthawi, ndiye ndimadikira mphindi yathunthu. Tsiku lina pakilampu yakuchitofu panali zii poyamba, kenako kunsi kwake, mbali yoyang'ana pansi, kunayamba kuunjikana timathovu ting'onoting'ono ngati mazira a chule. Nsonga ya payipi inali itauma n'kung'aluka pansi pa kilampu. Ndinatseka silinda, kudula nsongayo masentimita ngati 3, kuvekanso n'kuyesanso, timathovu osabweranso. Ming'alu ikanakhala m'malo angapo ndikanagula payipi ina, monga ndimachitira ikakwanitsa zaka 5.

Thovu likatuluka polumikizira leguleta, ndimatseka, kumasula, kuona kamphira, kumanganso. Koma likatuluka pavalavu penipeni kapena pathupi la silinda, pamenepo sipokonza pakhomo. Ndimaitulutsa panja pamphepo, kutali ndi moto ndi ngalande, n'kuuza ogulitsa. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, amatsika n'kudikha pansi, choncho fungo lake lija la ngati mazira owola limamveka kwambiri mukawerama. Likadzaza m'nyumba, osakhudza siwichi ya magetsi, kaya kuyatsa kaya kuzimitsa, ndipo machesi si choyesera.

Zonse zikakhala bwino ndimapukuta sopoyo ndi kansalu konyowa, n'kuyatsa chitofu. Lawi liyenera kukhala labuluu ndi lokhazikika. Ndikamaliza kuphika ndimayamba kutseka kusilinda, lawi lizime lokha, kenako kiyi wa chitofu, kuti m'payipi musatsale gasi.