Inde, inali sokosi, koma inali yochapa

Musavutike kunong'onezana, ndinena ndekha. Chimene chinkalendewera kumbuyo kwa mutu wanga pa chinkhoswe cha mng'ono wanga Loweruka lija inali sokosi ya mpira ya bambo akunyumba. Yofiira. Koma inali yochapa, ndipo ofalitsa nkhaniyi mfundo imeneyi akumaidumpha dala.

Ine nkhope yanga ndi yozungulira ngati chitumbuwa, khosi nalo Mulungu anangondilawitsa. Munthu wotere akamanga duku lophwatalala lotsika mpaka pansidze, amaoneka ngati poto wovundikira. Pamafunika duku lokwera m'mwamba, chipumi chizioneka, mfundo ikhale pambali pamwamba pa diso limodzi kuti nkhope ioneke yotalikirapo. Achemwali anga a nkhope yaitali zawo n'zina, iwo limawakhala lotsika ndi lotambalala m'mbali, akakweza amangokhala ngati nsungwi. Bulauzi ndinauza telala kuti khosi lake likhale la V, chifukwa kolala yokwera pamodzi ndi chimfundo cha pankhongo zimameza khosi lonse, mutu n'kukhala ngati angoutsamiritsa pamapewa. Mwaona? Nzeru zinalipo.

Vuto linali nsalu. Telala anandisiyira kachidutswa kotalika mita imodzi ndi theka koma kowonda, ine mwaukhondo wanga n'kukachapa. Chitenje chatsopano chimakhala chouma, ukachipinda chimaima chokha. Ukachichapa sitachi yonse imapita ndi madzi. Ndiye ndikayambira pankhongo, kubweretsa nsonga kutsogolo, kupingasa, kupota, kulowetsa m'kati, duku limaima mphindi imodzi kenako n'kugona ngati nkhwani wofota. Azimayi odziwa amaika kansalu kena m'kati kuti kalitukule. Ine ndinayang'ana m'chipinda, ndinaona sokosi pachingwe.

Lachisanu usiku ndinajambula zithunzi 43. Zoyamba ndinagwira foni m'munsi, ndinatuluka ndi zibwano zitatu, mphuno ngati ndikununkhiza ndiwo za eni. Foni ikayandikira kwambiri imakulitsa chilichonse chimene chili pafupi nayo, ndiye simungaweruze duku ndi chithunzi chotere. Ndinaiimika pawindo molingana ndi maso, n'kutchera nthawi, n'kubwerera m'mbuyo mapazi atatu kuti mapewa ndi khosi la bulauzi zilowe. Apo ndiye zinayamba kuoneka. Mfundo ikakhala pakati, nkhope imagawika pawiri ngati papaya. Makutu akabisika onse, masaya amatupa. Nditasiya theka la khutu panja kuti ndolo zizioneka, n'kukankhira mfundo kumanzere, chithunzi cha 41 chinatuluka mayi woti nduna ingamupatse moni ndi manja awiri.

Zithunzi 43, abale anga, ndipo zonse zakutsogolo. Cham'mbali ngakhale chimodzi, chakumbuyo ngakhale chimodzi. Mapini ndinali nawo m'kabotolo, koma ndinati duku lomangidwa ndi katswiri silifuna pini. Komanso zithunzi zonsezo ndinajambula nditaima chilili ngati msilikali, sindinayese kuwerama kapena kugwedeza mutu.

Tsono pa perekani perekani atangoitana akuchikazi, ndinalowa m'bwalo ndi ma K200 anga m'manja, ndikuvina motsika ngati mawondo ndi a mtsikana. Ndinamva kanthu kakundisisita pakhosi kumbuyo. Ndinati ndi mphepo. Kanasisitanso. Ndinati ndi nsonga ya duku, ndipo mumtima ndinanyada kuti ikuvina nane. Anthu akukuwa, ena akuimirira pamipando ndi mafoni, ine ndikuwonjezera moto poganiza kuti Area 25 yonse yazindikira luso. Ndikapita kumanja, sokosi kumanzere. Ndikatsika, iyo imakwera. Ndikazungulira, imabwera mochedwa pang'ono n'kudzandimenya patsaya, chidendene chake chili poyera, chija ndinasoka ndi ulusi wakuda. Ndinazungulira kawiri. Kachitatu ndinachita kubwerezera chifukwa cha nthungululu.

Anandipulumutsa ndi azakhali. Anabwera akuvina, n'kundikumbatira ngati akundiyamikira, n'kunena m'khutu: "Mwana wanga, wabwera ku chinkhoswe kapena ku sitediyamu?" Anakoka sokosi ija n'kuiponya m'chikwama mwawo. Duku linaphwa pomwepo, fwaa, mpaka pansidze, poto uja n'kuvundikirika pamaso pa akuchimuna onse.

Bambo akunyumba anali pakona ndi ankhoswe. Sanaseke, ndiwayamikire. Anangodikira tili m'galimoto n'kufunsa kuti, "Mayi a Chisomo, nanga inzake ili kuti? Mawa tili ndi masewero."

Inzake inali idakali m'dukumo. Ndinaika ziwiri.

Chithunzi cha 41 ndikadali nacho, amene akufuna abwere adzaone yekha kuti kutsogolo kunalibe mlandu. Sokosi inayo azakhali sanabwezebe.