Thalauza yothina pa visikozi yakanika, ndangolemba kalata basi

Anzanga osoka, sabata ino makina anga aja a Butterfly angosoka tizidutswa toyesera basi, ntchito yomwe ndamaliza ndi kalata osati thalauza. Mayi ena omwe tinkapemphera limodzi asanasamukire ku Mzuzu ananditumizira nsalu pa basi, mamita 2 ndi hafu, visikozi yobiriwira ya timaluwa, yofewa yozizira bwino m'manja, pamodzi ndi thalauza yawo yakale ya sampulo kuti ndiwasokere chimodzimodzi, yothina kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi ya ku ofesi.

Vuto linayambira pa sampulo pomwepo. Hipi yawo ndi mainchesi 41, koma sampuloyo nditaiyala pa tebulo ndikuyeza inangokwana 40, kenako nditaikoka inafika 43 osavuta. Ndiye kuti ndi ya sitilechi, imawagwira bwino chifukwa nsalu ndi imene ikugwira ntchito osati kadulidwe. Visikozi yawoyi m'lifupi siikokeka olo pang'ono, imangopendekera m'mbali basi. Ndinawapempha pa foni kuti ndidule kachidutswa kumapeto ndiyesere, anavomera, ndipo kachidutswa kameneka ndi kamene kandidyera masiku.

Ndinasoka msoko wamba ndi singano ya 70, ndikusiya hafu inchi, kenako kugwira uku ndi uku ndi zala ndikukoka ngati mmene pamakokekera kumbuyo munthu akamakhala pa mpando. Ulusi wanga sunaduke ayi, nsalunso siinang'ambike, koma ulusi wa nsalu yeniyeniyo unayamba kusuntha kuchoka pa msoko, pamatsala timipata toonekera kuwala mbali zonse ziwiri. Ndinachepetsa sitichi, zomwezo. Ndinadutsa kawiri, zomwezo, mwinanso kuipirako chifukwa mabowo a singano achuluka pamzere umodzi. Ndinapita kwa mnzanga wa ovaloko, m'mphepete munasiya kusosoka inde koma pa msoko pamatsegukabe. Chomwe chinathandizako ndi kumata kamzere ka vailini musanasoke, koma pamenepo panauma gwa pomwe kwina konse kukugwa lendelende, kumbuyo kwa thalauza zimenezo zingaoneke patali. Nkhani ndi yoti nsaluyi inalukidwa motayirira ndipo ulusi wake ndi woterera, ndiye ukalimbitsa msoko umangosamutsa pomwe patsegukire.

Kachidutswa kena ndinalemba mainchesi 20 ndi bolopeni, kuchapa ndi madzi ozizira, kuyanika, kanabwera 19. Zimenezi zokha sizoopsa, umangochapa nsalu yonse usanadule, koma ndinazisunga kuti ndikawauze.

Ndiye kuwauza bwanji. Pa foni ndinaona kuti angomva zoti telala wakana, ndipo mukudziwa anthu akamva choncho amangopita kwa wina pa khonde la sitolo yemwe asoke osafunsa, thalauza ndikutseguka mwezi usanathe. Ndinasankha kulemba pa pepala kuti ndiike mu jumbo limodzi ndi tizidutswa tija, azigwira okha akuwerenga. Nayi:

"Okondedwa Mayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kunyumbako, kuno tili bwino. Nsalu ndi thalauza ya sampulo ndinalandira, zikomo pondikhulupirira. Nsalu yanu ndi yokongola ndipo ilibe vuto, koma ndapempha kuti tisaidule kaye chifukwa siigwirizana ndi thalauza yothina imene mukufuna.

Munthu akakhala pansi thupi limatambasuka m'hipi ndi m'ntchafu, ndipo thalauza yothina ilibe malo opuma, choncho mphamvu yonse imapita pa msoko wa kumbuyo. Thalauza yanu yakale imapirira chifukwa imakokeka ndi kubwerera. Nsalu yatsopanoyi siikokeka. Tengani kachidutswa kamene ndalembapo 1, mukoke mbali zonse ziwiri za msoko muyang'ane pa kuwala, muona timipata. Zimenezo ndi zimene zingachitike kumbuyo kwa thalauza, ndipo zikachitika sizikonzeka chifukwa pothina palibe nsalu yotsala yoti ndilowetse.

Chachiwiri, nsalu yofewa chonchi ikagwira thupi imaonetsa zonse za m'kati, matumba, zipi, ngakhale mzere wa zovala za m'kati. Pa mawondo imatupa mukakhala nthawi yaitali ndipo siibwerera mpaka mutachapa, komanso mzere wa kutsogolo wositidwa ndi simbi sukhalitsa. Kachidutswa ka 2 ndinachapa, kafupika ndi inchi imodzi pa mainchesi 20.

Ndikuona njira ziwiri. Nsalu yomweyi ndikhoza kukusokerani thalauza yotakasuka ya palazo, ya lamba wogwira bwino m'chiuno koma yomasuka kuyambira m'hipi kutsika, pamenepo kufewa kwake kukhala kokongola ndipo mamita amene munatumiza akwana. Ngati mtima uli pa yothina ndithu, mugule gabadini kapena sutingi yokokeka pang'ono, mita ndi hafu ya nsalu yaikulu ija ya mainchesi 60, ndipo yobiriwirayi ikhale bulauzi yovalira limodzi. Musanagule muikande ndi chikhadabo, ngati ulusi ukusuntha muisiye. Chisankho ndi chanu Mayi, ine ndidikira mawu anu.

Ine wanu,
telala wanu wa ku Zomba"

Pali zina ndinazichotsa dala. Poyamba ndinalembamo za lainingi, kuti tikhoza kuika nsalu ina yolimba pansi pake ndikusoka ziwirizo ngati imodzi, ndipo zoona zimatheka, koma ndinaganiza kuti akangowerenga mawu oti zimatheka asankha zomwezo. Ntchito yake ndi kudula thalauza kawiri, nsalu ziwirizo zimafupika mosiyana zikachapidwa ndiye pamwamba pamayamba makwinya, komanso kuzizira komwe anaikondera nsaluyo kumatheratu, mu Okutobala munthu angapse nayo. Ndinachotsanso ndime yonse ya zipi, mmene imapangira mafunde pa nsalu yopyapyala, chifukwa kalata imatalika ndipo kachidutswa ka 1 kanena kale zokwanira. Ndipo mawu oti munalakwitsa kugula sindinawaike paliponse, munthu anapereka ndalama zake ndipo wogulitsa mwina anangomuuza kuti imasoka chilichonse.

Pa za ogulitsa, ine sutingi ndimakonda kukagula ku Limbe ndikapeza mpata, kuli sitolo ina komwe amakulola kuikoka ndi kuifinya m'manja osakuyang'ana moipa. Koma gabadini yabwino kwambiri yomwe ndinasokapo inachokera pa kaunjika, siketi yaikulu yaitali yomwe ndinaiphwasula ndikusokera mwana wa achemwali anga thalauza ya ku intavyu, mpaka pano mzere wa kutsogolo ukadali chilili. Anthu amanyoza koma pa kaunjika ukadziwa kugwira nsalu umapeza zinthu zomwe m'sitolo mulibe.

Jumbo yapita dzulo, sanayankhe. Akasankha palazo ndichapa kaye nsalu yonse, ndidule pa tebulo nditayala pepala pansi kuti isathawe, ndipo ndikasoka ndiipachika usiku wonse ndisanapinde kumapazi chifukwa visikozi imatsika yokha. Ndikufunanso ndiyese tizidutswa ta nsalu zonse zomwe zili mu katoni yanga, satini, kirepu, chitenje, dirilu, chilichonse ndi msoko wake ndimate m'kope kuti kasitomala azikoka yekha asanayambe kukangana nane, kaya ndiyamba liti poti mayunifomu a ana a sukulu nawonso akundidikira.