Mphindi 19 zomwe zasowa pa vidiyo ya ukwati

Lamulungu

Lero ndadzutsidwa ndi foni ya azakhali aku Joni, 6 koloko isanakwane nkomwe. Moni sanapereke bwinobwino, angoti "Iwe, vidiyo ya ukwati ija wadula chani? Ife tinakhala pa layivu kuyambira 1 koloko mpaka 4 koloko, ndiye lero ndati ndionetse anzanga akutchalitchi ikulemba 2:41, zinazo zapita kuti?" Ndawauza kuti azakhali sindinadule kalikonse, koma ndimamva mawu awo kuti sakukhutira, ndipo zandikhudza chifukwa pomwe pasowapo ndi pomwe akuchikazi amaponya perekaniperekani, ndiye munthu atha kuganiza kuti ndachotsa dala mbali yawo.

Nditabwera kutchalitchi ndakhala pansi ndi laputopu kuti ndiwerengere bwinobwino. Dzulo ndimaulutsa ukwati wa msuweni wanga pa YouTube kudzera mu OBS, pulogalamu youlutsira layivu pa laputopu, kamera imodzi, mawu ndimatenga pa mikisa ya a DJ. Mwayi wake ndimadinanso `Start Recording` nthawi yomweyo ndikudina `Start Streaming`, ndiye fayilo ya mu laputopu ilipo ndipo ndi ya 3:12. Apa ndiye manambala akhala atatu, yanga 3:12, ya azakhali maola 3, ya pa YouTube 2:41, koma ukwati ndi umodzi womwewo.

Mphindi 12 zoyambazo sizinandivute. Layivu ndinaikonzeratu Lachinayi kuti linki izungulire pa gulu la banja, ndipo layivu yokonzeratu siyamba kuoneka kwa anthu ukangodina mu OBS, pokhapokha utayatsa zoti izidziyambira yokha. Ine ndinayamba kutumiza 12:48 kuti ndione ngati mawu akumveka, koma `Go live` ya pa YouTube ndinadina 1 koloko akwati atafika pakhomo la holo. Zomwe zimatumizidwa nthawi yoyeserayo palibe amaziona ndipo sizilowa mu vidiyo yotsala ija. Ndiye 3:12 kuchotsa 12, tafika pa maola 3 a azakhali.

Nkhani ili pa mphindi 19 zinazo.

Chomwe ambiri sitiganiza nchakuti vidiyo yobwereza ija sikuti kuli wotchi kwinakwake yomwe imayenda kuyambira poyamba mpaka pomaliza ayi. Laputopu imatumiza zithunzi ndi mawu, seva ya YouTube imazidula tizidutswa ta masekondi ochepa nkumasunga, layivu ikatha imalumikiza tizidutswa tomwe inalandira basi. Nthawi yomwe sinalandire kanthu ilibe choti isunge. Amene akuonera pompopompo amakhala akudikira, kabwalo kakuzungulira pa sikirini, kwa iwo nthawi ikuyenda ndithu, koma mu vidiyo yotsalayo malo amenewo amangotsekeka, kachidutswa ka netiweki isanaduke kamagundana ndi ka itabwerera.

Magetsi anathima 14:20. Laputopu ndi kamera zili ndi mabatire ndiye kujambula kunapitirira, holo anayatsa jenereta a DJ nkupitiriza nyimbo, koma rauta yomwe ndimagwiritsa inali pa soketi ya mbali ina yomwe jenereta siifikira. Ndinataya nthawi kudikira kuti mwina iyaka, kenako ndinathamanga kukabwereka foni ya achimwene yomwe inali ndi bando, kuyatsa hotisipoti, kulumikiza laputopu. Lero ndatsegula logi ya dzulo, momwe OBS imalemba zonse zomwe zachitika, timafayilo take timakhala umu pa Windows:

```
%APPDATA%\obs-studio\logs
```

Mzere uliwonse umayamba ndi nthawi yake, ndiye ungosaka mawu oti `Disconnected` ndi `successful` nkuona pomwe inadukira ndi pomwe inagwiranso. Yanga inaduka 14:20 kugwiranso 14:34, mphindi 14. Kenako pa hotisipoti ija inadukanso katatu, cha m'ma 15:05 mphindi 2, 15:22 mphindi 2, 15:41 mphindi imodzi, nthawi imeneyo holo inali itadzadza aliyense akutumiza zithunzi pa foni yake ndiye netiweki imalemera. 14 ndi 5 ndi 19, maola 3 kuchotsa 19 ndi 2:41 ndendende. Mtima unakhala pansi nditaona kuti zagwirizana.

Kuti nditsimikize ndi maso ndapita pa 1:20:00 mu vidiyo ya pa YouTube. MC akuitana akuchikazi kuti abwere kutsogolo, mawu ake akudukira pakati, kenako mwadzidzidzi anthu omwe ali kutsogolo ndi ena, anzake a mkwati akuntchito, ndipo wotchi ya pakhoma kumbuyo kwa akwati yalumpha kuchoka pa 20 kufika pa 34. Palibe mdima, palibe chithunzi choima, kungolumpha. Munthu amene sanali pa layivu sangadziwe nkomwe kuti papita mphindi 14, angoona ngati wojambula wadula, ndiye azakhali sindikuwaimba mlandu.

Pali china chomwe chinandisokoneza poyamba. Logi yomweyo ikuonetsa kuti mafulemu ambiri, tizithunzi tomwe timapanga vidiyo, anatayika panjira, zija OBS imalemba `Dropped Frames` pansi kabokosi kakafiira, ndiye ndimati mwina nawonso afupikitsa vidiyo. Koma ayi, zimenezo ndi zina. Mafulemu akamatayika kulumikizana kumakhala kudakalipo, kungoti njira yachepa, ndiye OBS imataya zithunzi zina kuti zotsalazo zidutse, ndipo chithunzi chilichonse chimapita ndi chizindikiro cha nthawi yake. Pa mafulemu 30 pa sekondi, ukataya 90 motsatizana chithunzi chimaima masekondi 3 mawu akupitirira, kenako chimadumpha, koma masekondi atatuwo amawerengedwabe. Ndaziona pa nthawi yodula keke, mkwatibwi waima ndi mpeni m'manja nyimbo ikulirabe. Chomwe chimadya mphindi ndi kuduka kwenikweni, pomwe palibe chikufika ngakhale mawu.

Mwayi wina unali woti `Enable Auto-stop` ndinaithimitsa pokonza layivuyo. Ikanakhala yoyaka, kuduka kwa 14:20 kuja YouTube ikanatha kuona ngati ndamaliza nkutseka, vidiyo ikanathera pa 1:20 ndipo ndikanayamba layivu ina ndi linki ina, anthu aku Joni ndi ku UK nkumasakasaka pa gulu.

Komanso dzulo usiku achimwene anandiimbira kuti vidiyo ikuyambira pakati, kulowa kwa akwati kulibe. Ija sinali vuto, layivu yaitali ikangotha imakhala ikukonzedwabe ndiye nthawi zina imaonetsa mbali yakumapeto yokha, mmawa uno inali itabwerera kuyambira poyamba. Ndiye osathamangira kuwerengera tsiku lomwelo, dikirani kaye kuche. Za malire a maola 12 zija, zoti layivu ikapitirira pamenepo YouTube mwina siisunga nkomwe, ife sizikutikhudza, tinali kutali nazo.

Madzulo ano ndawaimbira azakhali pa vidiyo, ndawaonetsa wotchi ikulumpha, kenako ndatsegula fayilo ya mu laputopu pa 1:32:00, poti iyo inayamba 12:48 ndiye 14:20 imagwera pamenepo. Akuchikazi onse alipo, akuvina ndi ndalama m'manja, agogo ali patsogolo. Azakhali anangoti "Eee ndi amenewo, mwana wanga unditumizire kameneko kokha kaye." Ndadula mphindi 14 zimenezo ndawatumizira. Yonseyo ndi pafupifupi 4 GB, bando yanga singakwanitse, ndikaikweza mawa kuntchito kwa achimwene komwe kuli wayifayi, linki yatsopano ndiponya pa gulu. Loweruka likubwerali ndili ndi chinkhoswe, rauta ndikaiyika pa pawabanki kuyambira poyamba, ndayesa kale chingwe chake usiku uno ndipo ikuyaka.