Zala zanga ndi laisensi yoyamba ku Mzuzu

Ndine mmisiri womanga nyumba, ndimakhala ku Chibavi. Nditaganiza zotenga laisensi kuti ndizinyamula ndekha simenti ndi njerwa pa pikapu, ndinkaopa mayeso basi. Koma chimene chinandibweza kunyumba tsiku loyamba chinali zala zanga.

Ambiri timaganiza kuti chithunzi ndi zidindo za zala zimabwera kumapeto, ukakhoza zonse. Ayi, ndiye poyambira. Usanalembe mayeso alionse umayamba walembetsa mu MalTIS, makina a nthambi yoona za pamsewu, ndipo amakupatsa khadi lolembedwa kuti Traffic Register. Umapita ndi chiphaso cha unzika, kudzaza fomu, kenako amakujambula, kukutenga zala ndi kukusainitsa. Chithunzicho ndi siginechayo ndi zomwe zimadzaoneka pa laisensi yako.

Ine ndinapita m'mawa wa mwezi wa Juni, kukuwaza kamvula kaja ka ku Mzuzu, manja ali gwa ndi chisanu. Dzulo lake ndinali nditaswera kupaka pulasitala. Nditaika chala pa kagalasi, pa kompyuta panangooneka chibanga chotuwa chopanda mizere. Tinayesa china, chimodzimodzi. Mayi amene ankandithandiza anagwira dzanja langa n'kuliyang'ana.

"Bambo, mumagwira ntchito ya simenti?"

Ndinavomera.

"Mizere yafufutika. Kapumitseni manjawa, mudzabwerenso."

Simenti imadya khungu, ndipo chala chouma ndi chozizira sichigwira bwino pa galasi. Ndinasiya chipande kwa mnyamata wanga sabata yathunthu, usiku uliwonse n'kumadzola mafuta m'manja. Tsiku lobwerera sindinadzole, chifukwa mafuta nawo amaphimba mizere. Ndili pamzere ndinkatikita manja kuti afunde, ndipo nthawi itakwana ndinauzira kampweya pa chala n'kuchigoneka chonse, osati kansonga kokha. Chinatheka. Amayi ochapa tsiku ndi tsiku ndi sopo waukali, inunso zimenezi zikukukhudzani. Ndipo samalani zalazo mpaka mutamaliza, pakuti chala chomwecho ndi chimene chimatsimikiza kuti wabwera kudzalemba mayeso ndinudi. Dobadoba akakuuzani panja kuti akuyendetserani zonse inu muli kunyumba, musamupatse ndalama.

Pojambulitsa ndinavula chipewa n'kuyang'ana kamera molunjika. Musanachoke pa desikipo, werengani dzina lanu ndi tsiku lobadwa, muzifananize ndi chiphaso cha unzika chilembo ndi chilembo. Maina athu akuno monga Mkandawire kapena Ng'oma savuta kuphonya chilembo chimodzi.

Kenako ndinapempha laisensi yophunzirira. Apa pamafunika kusankha gulu, ndipo ndi bwino kuganiza kunyumba, osati pa windo. Gulu B ndi la magalimoto osapitirira makilogalamu 3,500, ndipo umayenera kukhala utakwanitsa zaka 18. Pikapu yanga ikulowa mmenemo. Amene akufuna lole yokulirapo, lake ndi C1. Amayezanso maso, choncho ngati mumavala magalasi musawasiye kunyumba. Ndalama sindinapereke m'manja mwa munthu. Anandipatsa pepala lolipirira, ndinakalipira ku banki, lisiti n'kulisunga m'kapulasitiki limodzi ndi khadi lija.

Mayeso opezera laisensi yophunzirira ndi a pa kompyuta: funso limabwera, nthawi zina ndi chithunzi, iwe n'kusankha yankho limodzi. Chimene chinandithandiza n'kuphunzira zikwangwani potengera maonekedwe m'malo moziloweza chimodzichimodzi. Cha makona atatu chokhala ndi mkombero wofiira, nsonga ili m'mwamba, chimachenjeza. Nsonga ikaloza pansi, ndiye kuti upereke mpata. Chozungulira cha mkombero wofiira chimaletsa, pomwe chozungulira cha buluu chimalamula chimene uchite. Ndinkadziyesa ndekha ndili pa kabaza mu M1 kupita ku Luwinga, kutchula chikwangwani chilichonse chamumtima. Pa raundabauti ya ku Katoto ndinaimapo kanthawi, kuonerera mmene wolowa amadikirira galimoto yochokera kudzanja lake lamanja. Funso lotere litabwera pa mayeso, ndinaliona ngati ndaima pomwepo. Chokola anthu ndi kuthamanga, chifukwa mayankho awiri amatha kufanana kwambiri, kusiyana liwu limodzi lokha. Ndinkawerenga funso lililonse kawiri ndisanadine.

Nditakhoza ndinalandira laisensi yophunzirira. Imeneyi sikuloleza kuyenda wekha: pambali pako pamakhala woyendetsa wa laisensi, galimoto itamatidwa chilembo cha L. Laisensiyi ili ndi tsiku lothera lolembedwa pomwepo, ndiye sabata yomweyo ndinayamba maphunziro ku sukulu yoyendetsa galimoto. Tsiku la mayeso a pamsewu likuyandikira, ndinasiyanso chipande masiku asanu, ndipo m'mawa wake chala chinawerengeka ulendo woyamba.