Momwe ndimakonzera funso la tsiku pa wayilesi

Pa wayilesi yathu ya m'dera kuno ku Mchinji, funso loti omvera akambirane madzulo ndimakonza ndine. Limayenera kukhala litapsa m'mawa, kuti owulutsa azilibwereza masana onse ndipo mauthenga ayambe kufika pulogalamu isanayambe.

Nkhani ndimaitola pomwe anthu akukangana kale, kaya ndi pamsika wa Kamwendo, m'minibasi kapena pachigayo. Titenge mwezi wa Epulo, soya atangoyamba kufika pamsika. Ndikati ndifunse kuti "Kodi mavenda akubera alimi?" ndiye kuti pulogalamu ndaipha ndekha. Aliyense angoti eya, chifukwa funsolo lagamula kale mlandu. Choncho ndimalitembenuza kuti munthu ayankhe za pakhomo pake: "Soya wanu chaka chino mugulitsa pompano, kapena musunga kudikira kuti mtengo ukwere?" Apa ngakhale mwamuna ndi mkazi wake akhoza kusiyana maganizo, ndipo funso lotero ndi lomwe limadzutsa mafoni.

Kenako ndimaika mayankho oti anthu asankhepo, osapitirira atatu, poti womvera sawaona, amangowasunga m'mutu. 1 ndi "ndigulitsa pano", 2 ndi "ndisunga". Yankho la 3 ndi lomwe limanditengera nthawi: "ndinagulitsa kale akadali m'munda, kapena apita kubweza ngongole". Mukalisiya, anthu ambirimbiri asowa poima, ndiye amangokhala chete kapena kusankha zomwe sanachite. Kumapeto ndimawonjezera kuti, "Tumizani nambala ya yankho lanu, mutiuze chifukwa chake ndi komwe mukutimvera." Nambala zimangondipatsa chiwerengero, koma zokambirana zimachokera pa chifukwacho.

Powerenga mavoti, nambala ya foni imodzi ndi voti imodzi. Alipo akuluakulu ena a mayunitsi ambiri omwe amatumiza mobwerezabwereza. Ndimatenga uthenga wawo woyamba basi. Uthenga wotchula munthu dzina n'kumunena kuti sikelo yake ndi yobera sindiupereka kwa wowulutsa, chifukwa umboni tilibe ndipo woimbidwa mlandu woipitsa mbiri ndi wayilesi, osati wotumizayo yekha. Ndimachotsa dzinalo, dandaulo la masikelo n'kulisiya.

Ikamakwana 3 koloko ndimasuzumira zomwe zafika. Ngati pafupifupi onse apita mbali imodzi, funso linapendekera, ndiye ndimakonzeratu woimira mavenda kapena mlangizi wa zaulimi woti adzaimbiridwe. Ngati olemba ndi abambo a paboma okhaokha, wowulutsa amapempha mwachindunji amayi ndi omvera a ku Mkanda ndi Kapiri, ndipo mafoni oyamba timawasungira iwowo.

Polengeza zotsatira, wowulutsa sindimulola kunena kuti "alimi a ku Mchinji akuti". Amanena kuti "mwa omwe atumiza mauthenga lero", n'kutchula kuti atumizawo ndi angati, chifukwa agogo opanda foni, omwe soya wawo wapita kale, sanavote nawo.