Bokosi likundikankhanso, nanga likusuntha bwanji?

Lamulo lachitatu la Isaac Newton limati ndikakankha bokosi ndi mphamvu ya 50 N, nalonso limandikankha ndi 50 N yomweyo chobwerera m'mbuyo. Inu ophunzira a ku sekondale mumafunsa kuti, 50 kuchotsapo 50 si 0 kodi? Funsolo ndi lanzeru, ndipo ine ndimalimasula motere.

Ndimayamba ndi kujambula bokosi lokha papepala, mwini wanga osadzijambulapo. Tinene kuti ndi la 20 kg. Kenako ndimaika mivi ya mphamvu zokhazo zimene zikufikira pa bokosilo. Dzanja langa likulikankhira kutsogolo ndi 50 N, pomwe kukhuzana kwake ndi pansi kukulibweza ndi 10 N. Nanga 50 N inayo ili kuti? Pachithunzipa palibe, chifukwa imeneyo ikufikira pa dzanja langa, osati pa bokosi. Mphamvu zimafafanizana pokhapokha zikakumana pa chinthu chimodzi. Ndalama zotuluka m'thumba mwa mnzako suzichotsera pa za m'thumba mwako.

Ndikachotsera, ikutsala 40 N. Ndi F = ma, a = 40 ÷ 20 = 2 m/s², kutanthauza kuti liwiro la bokosi likuwonjezeka ndi mamita 2 pa sekondi, sekondi iliyonse.

Ndikatha apo ndimatenga pepala lina n'kudzijambula ndekha, tinene wa 60 kg. Apa ndiye pamene 50 N ija ikuonekera, ikundibweza. Koma mapazi anga akukankhira nthaka m'mbuyo, nthakayo n'kumandikankhira kutsogolo. Kuti ndisasiyane ndi bokosi ndikufunika 60 × 2 = 120 N yotsala, choncho nthaka ikundipatsa 170 N. Pansi patakhala poterera, thandizo limeneli lingachepe, ndipo bokosi lingandibwezedi m'mbuyo.

Pomwe ndimasamala kwambiri ndi pa mivi yoloza m'mwamba ndi pansi, chifukwa ambiri pamayeso amagwera pamenepo. Dziko likukokera bokosi pansi ndi pafupifupi 200 N, pansipo pakulitukula ndi 200 N. Izi zikufafanizanadi, poti zonse zili pa bokosi. Komatu si ziwiri zimene lamulo lachitatu likunena, ngakhale zikufanana. Ndimaziyesa potembenuza mayina. Ngati dziko likukoka bokosi, inzake ya mphamvuyo ndi yakuti bokosi likukoka dziko. Ngati pansi pakutukula bokosi, inzake ndi yakuti bokosi likupsinja pansi. Chikalowererapo chinthu chachitatu, kapena ina ikakhala yokoka pomwe ina ndi yokankha, ndimadziwa kuti zimenezo si zinzake.

Wokayika aike bokosilo m'chikepe chimene chikungoyamba kukwera. Pansi pa chikepe palitukula ndi mphamvu yoposa 200 N, pomwe dziko likulikokabe ndi 200 N, nalo likukokabe dziko ndi 200 N.