Sabata ya m'chipinda cha sikani: kukula kwa chotupa sikunena zonse

Sabata ino ambiri mwa amayi amene ndinawaunika m'chinena ndi sikani anali ndi zotupa za m'chiberekero kapena za m'thumba la mazira, ndipo pafupifupi aliyense ankafuna kudziwa masentimita okha. Kukula ndimakulemba ndithu, koma chimene chimandiuza zambiri ndi malo amene chotupa chakhala komanso maonekedwe ake.

Lolemba kunabwera mayi amene msambo wake unkatenga masiku ambiri, mpaka magazi anamuchepera m'thupi. Ndinapeza faibuloidi, chotupa chomera mu mnofu wa chiberekero, ya masentimita 2 okha, yakuderako poyerekeza ndi mnofu woizungulira, ya malire oonekera bwino, koma inali itatulukira m'kati mwa chiberekero, pansi penipeni pa khungu limene limayoyoka pa msambo. Faibuloidi ya pamalo amenewa imatayitsa magazi ambiri ngakhale ili yaing'ono, ndipo ikhoza kulepheretsa mimba kukhazikika. Tsiku lomwelo mayi wina anali ndi ya masentimita 8 yokulira kunja kwa chiberekero, ndipo dandaulo lake linali kukodza pafupipafupi basi, chifukwa inkapanikiza chikhodzodzo. Mafaibuloidi si khansa ndipo nthawi zambiri amafota mayi akasiya kusamba. Amene amandidetsa nkhawa ndi amene akukulabe msambo utatha kale.

Lachitatu linali la zotupa za m'thumba la mazira. Mtsikana wina anachita mantha atamva kuti ali ndi chotupa cha masentimita 4, koma chinali cha khoma lopyapyala ndi losalala, chakuda bii m'kati, kusonyeza kuti muli madzi okhaokha. Kwa mayi amene akusambabe, chotere chikakhala chosakwana masentimita 3 chimangokhala kathumba kokhwimitsa dzira, ndipo chosapitirira masentimita 5 kawirikawiri chimatha chokha pakadutsa misambo iwiri kapena itatu. Ndinamuuza kuti, “Chemwali, chotupachi sichikuoneka choopsa, koma mukamva kupweteka kwadzidzidzi mbali imodzi pamodzi ndi kusanza, mubwere msanga, chifukwa thumba la mazira likhoza kupotokola.” Wina chake chinali ndi timizere topingasa ngati ukonde wa kangaude, chizindikiro cha magazi oundana, ndipo ndinapempha kuti adzajambulidwenso pakatha masabata 6 mpaka 12.

Chimene chinandikhalitsa nthawi yaitali chinali cha Lachisanu. Mayi amene anasiya kusamba kalekale anali ndi chotupa cha masentimita 4, chofanana kukula ndi cha mtsikana uja, koma m'kati mwake munali timakoma tokhuthala kuposa mamilimita 3 ndi timinofu tomera kuchokera pakhoma. Nditayatsa Dopla, mbali ya sikani yoonetsa kayendedwe ka magazi, timinofuto tinaonetsa magazi oyenda kwambiri, ndipo m'mimba monse munali madzi. Sikani payokha siitsimikizira khansa, popeza chitsimikizo chimachokera pakuyeza mnofuwo, choncho ndinalemba zonsezi mwatsatanetsatane ndi kukapereka lipotilo m'manja mwa dokotala wa matenda a amayi masana omwewo.